Chingerezi pa Mphasa, Chichewa M'nyumba Monse



Chaka chatha, nthawi yokolola, ndinapita kukacheza kwa mlongo wanga, ndipo ndinapeza nyumba ili zii, ngati mwagwa zovuta. Ana anali kudya nsima osayankhula, ndipo amayi athu okalamba anakhala paokha pakhonde. Nditafunsa chifukwa chake, mlongo wangayo anandinong'oneza nati, "Achimwene, alamu anu aika lamulo. Ati ana asayankhulenso Chichewa pakhomo pano, koma Chingerezi chokha."

Alamu angawo si munthu wankhanza ayi. Iwo anakhoza maphunziro ena onse pa mayeso a Fomu 4, koma analephera Chingerezi, ndipo satifiketi sanalandire, pakuti m'dziko lathu lino satifiketi imeneyo siperekedwa kwa munthu wolephera Chingerezi. Bala limenelo silinapole, ndipo safuna kuti mwana wawo wamkazi, wa zaka 8, amene ali mu Sitandade 3, adzapunthwe pa mwala womwewo. Mantha awo ndi oona. Mayeso a Sitandade 8 alembedwa m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa, ndipo Lamulo la Maphunziro la chaka cha 2013 linanena kuti Chingerezi chikhale chinenero chophunzitsira m'sukulu.

Koma taonani chimene lamulo la pakhomo lija linabala. Bambo adziwa Chingerezi chapakati, mayi adziwa mawu owerengeka, agogo sadziwa ngakhale liwu limodzi. Tsono mwanayo sanayankhule Chingerezi chambiri ayi, anangoleka kuyankhula. Nthano za madzulo zinatha, mafunso ake anatha, ndipo Chingerezi chimene anali kumva tsiku lonse chinali cha malamulo atatu okha: bwera, khala pansi, tseka chitseko. Ine monga mtsibweni wake sindikanatha kukhala chete. Ndinakhala pansi ndi alamu anga, ndipo zimene tinapangana ndi kuchita ndizo ndifuna kukufotokozerani.

Kuwerenga munthu aphunzira kamodzi kokha

Choyamba ndinati, "Alamu, Chichewa si mdani wa Chingerezi. Mwana akadziwa kuti lembo liimira liwu, kuti malembo aphatikizana kupanga mawu, kuti tiyamba kumanzere kupita kumanja, ndi kuti nkhani ili ndi chiyambi ndi mathero, nzeru imeneyo sadzaiphunziranso kachiwiri. Adzainyamula kulowa nayo m'Chingerezi."

Ndipo nzeruyo ipezeka msanga m'chinenero chathu. Chichewa chili ndi malembo a liwu 5, ndiwo a, e, i, o, u, ndipo lililonse limveka chimodzimodzi paliponse pamene lalembedwa. Chingerezi chili ndi malembo omwewo, koma chiwasenzetsa mamvekedwe pafupifupi 20, kotero kuti lembo limodzi limveka mwina apa, mwina apo. Mwana woyamba kuwerenga m'Chingerezi alimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, malembo osakhulupirika ndi mawu osadziwika. Woyamba m'Chichewa alimbana ndi malembo okha, pakuti mawuwo anawayamwa kale.

Zimenezi zinayesedwa kwathu konkuno. M'zaka za m'ma 1990 mphunzitsi wina wa ku Mangalande, dzina lake Eddie Williams, anayesa ana a chaka chachisanu cha sukulu m'Malawi ndi m'Zambia. Nthawi imeneyo ana a ku Zambia anali kuphunzira zonse m'Chingerezi kuyambira chaka choyamba, pamene ana a ku Malawi anali kuphunzira m'Chichewa zaka zinayi zoyamba. Iye anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi ana a maiko awiriwa sanasiyane kwenikweni, koma pa kuwerenga Chinyanja ana a ku Malawi anapambana kutali. Ana a ku Zambia aja anataya kuwerenga kwa chinenero chawo, ndipo phindu limene anayembekeza silinaoneke.

Chifukwa chake tinayamba ndi kuyesa mwanayo. Ndinam'patsa kalata ya Chichewa imene sanaionepo, ndi kumuuza kuti awerenge mizere itatu. Anawerenga, koma modukiza, kuima pa phatikizo lililonse, ndipo nditam'funsa kuti kalatayo yanena chiyani, sanadziwe. Pamenepo ndinati ntchito yoyamba ndi imeneyi: tsiku lililonse awerengere agogo ake Chichewa mokweza, ndime imodzi, kenaka aifotokoze m'mawu akeake. Inunso yesani mwana wanu chomwecho. Ngati sangathe kuwerenga mizere itatu ya Chichewa ndi kunena za m'menemo, musafulumire kum'gulira buku la Chingerezi, pakuti m'mera mpoyamba.

Mphasa ya Chingerezi

Chachiwiri tinapatsa Chingerezi malo ake ndi nthawi yake. Tinasankha mphasa imodzi yaing'ono. Madzulo alionse, dzuwa lisanalowe, mwanayo aiyala pabwalo, ndipo mphasa ikayalidwa ndiye kuti yafika nthawi ya Chingerezi. Nthawiyo ndi mphindi 15 zokha. Zikatha, mphasa ipindidwa, ndipo nyumba yonse ibwerera ku Chichewa: pa chakudya, pa ntchito, pa kudzudzula, pa kuseka ndi pa nthano. Malire otere athandiza mwana kudziwa kuti zinenero ndi ziwiri, ndi kuti chilichonse chili ndi ulemu wake.

Mphindi 15 zimenezo tinazigawa patatu. M'gawo loyamba mwana ndiye mphunzitsi. Atsegula buku lake la kusukulu, nafotokozera mayi wake m'Chichewa zimene aphunzira lero pa Chingerezi. Apa ndi pamene kholo losadziwa Chingerezi lithandiza koposa, pakuti lifunsa moona mtima kuti, "Liwu ili ndiye kuti chiyani, mwanangu?" ndipo mwana ayenera kuganiza kuti ayankhe. M'gawo lachiwiri aphunzira mawu a sabata imeneyo. M'gawo lachitatu mawuwo alowa m'ziganizo zazifupi zochita ndi manja: bambo anena m'Chingerezi kuti "ndipatse kapu", mwana natenga kapu, kenaka asinthana, mwana nalamula, bambo namvera.

Mawu atsopano akhale 5 pa sabata, osapitirira. Ena adzati achepa. Koma mawu 5 pa masabata 40 ndiwo mawu 200, ndipo mawu 200 amene mwana awamva, awatchula ndi kuwagwiritsa ntchito apambana mawu 1,000 oloweza lero ndi kuiwala mawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Liwu lililonse libwere ndi chinthu chake chogwirika, ndipo Loweruka musaonjezere atsopano, mungobwereza a masabata apitawo.

Mawu obwereka ndiwo mlatho

Nanga mawu oyamba tiwatenga kuti? Ali kale m'nyumba mwanu. Makolo athu anabwereka mawu ambiri ku Chingerezi, nawaveka malaya a Chichewa: kapu, buku, belu, basi, supuni, sukulu, buledi, galasi, tebulo, pensulo. Mwana adziwa kale matanthauzo ake. Chotsala ndi kuwavula malayawo.

Malayawo ndi otere. M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse lithera pa lembo la liwu, ndipo liwu lililonse litha ndi a, e, i, o kapena u. Chingerezi sichitero. Mawu ake ambiri athera pa lembo lopanda liwu, ndipo chilola malembo otere awiri kapena atatu kugundana popanda chowalekanitsa. Tsono pakamwa pa Mchewa, pokumana ndi liwu lotere, paonjezera liwu kumathero, ndiponso palowetsa lina pakati. Umo ndi momwe liwu la Chingerezi la phatikizo limodzi linasandukira su-ku-lu, la maphatikizo atatu. Mwana akayamba Chingerezi achita chomwecho ndi mawu onse, ndipo ichi ndicho chimuchititsa kusamveka poyankhula ndi kulakwa polemba, pakuti alemba malembo amene pakamwa pake paonjezera.

Mankhwala ake ndi kuomba m'manja. Sabata loyamba tinatenga kapu, buku, belu ndi basi. Mwanayo anatchula liwu la Chichewa naomba kawiri: ka-pu. Kenaka bambo wake anatchula la Chingerezi naomba kamodzi kokha, nati, "Taona, mwanangu, milomo ikatsekeka pa p, usaitsegulenso ndi u." Mwanayo anaika chala pamilomo kuti amve ngati yatsekeka. Tsiku loyamba u anatuluka nthawi zonse, ndipo agogo anaseka mpaka misozi. Pofika Lachinayi anatha kuima pa p, ndi pa k wa buku. Pa belu panavuta kufikira sabata lachiwiri, chifukwa lilime liyenera kukhala pamwamba, kuseri kwa mano, osatsika msanga.

Sabata lachitatu tinalowa m'mawu a malembo ogundana, supuni ndi sukulu. M'Chichewa aombedwa katatu, m'Chingerezi kamodzi. Apa tinagwiritsa ntchito njoka. Mwana ayamba ndi kutulutsa s wautali monga ichita njoka, ssss, ndipo mpweya usanathe alumphira pa p kapena pa k, osalola u kulowa pakati. Atazolowera, s uja tinamufupikitsa pang'onopang'ono kufikira liwu linamveka limodzi. Buledi ndi galasi tinasungira sabata lotsatira. Tebulo ndi pensulo aombedwa katatu m'Chichewa ndi kawiri m'Chingerezi.

Pali machenjezo awiri. Loyamba, kuvula malaya kukufikitsani pafupi ndi liwu la Chingerezi, koma osati penipeni, pakuti liwu la pakati nalonso nthawi zina lisintha. Pa ichi mwana amvere mphunzitsi wake ndi owerenga nkhani za Chingerezi pa wailesi. Lachiwiri, si mawu onse obwereka anachokera ku Chingerezi. Kalata, nsapato ndi mbatata tinalandira kwa Apwitikizi, ndipo mukawavula malaya simudzapezamo Chingerezi. Ndiponso mawu ena anasintha tanthauzo pa njira. Sitima inachokera ku liwu la chombo choyenda ndi nthunzi, ndipo sitima ya pa njanji ili ndi dzina lina m'Chingerezi. Musanaphunzitse liwu, lioneni m'buku la mwana, kapena funsani mphunzitsi.

Misampha ina iwiri

Msampha woyamba ndi wa l ndi r. Kwa ife malembo awiriwa ndi pachibale. Tilemba r pambuyo pa i ndi e, monga m'mawu akuti phiri ndi bwera, ndi l m'malo ena, monga m'mawu akuti phala ndi mbale, ndipo munthu akawasinthanitsa poyankhula tanthauzo silisintha. M'Chingerezi lisintha ndithu. Liwu limene linabala galasi, mukaika r pamalo pa l, lisanduka udzu. Liwu la kupemphera ndi liwu la kusewera asiyana pa malembo awiri omwewa basi, kotero kuti mwana wofuna kunena kuti "tipemphere" angathe kuitana anthu kukasewera. Kusiyana kwake kuli pa nsonga ya lilime. Pa l nsongayo ikhudza chingamu kuseri kwa mano a pamwamba. Pa r ipindikira m'mbuyo pang'ono osakhudza kanthu. Ife tinayamba ndi khutu, pakamwa pambuyo. Tinaika galasi kumanja ndi udzu kumanzere, bambo natchula limodzi la mawu awiriwo, mwana naloza chimene wamva. Atakhoza kuloza kasanu motsatana, pamenepo anayamba kutchula yekha. Mwana sangatchule kusiyana kumene khutu lake silinamve.

Msampha wachiwiri ndi wa liwu lathu lakuti iye. Ife tinena iye kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe. Chingerezi chili ndi liwu lina la mwamuna, lina la mkazi, ndi lachitatu la chinthu. Mwana akawasokoneza musam'yese wopusa, pakuti ali kutsata lamulo labwino la chinenero chake. Mum'fotokozere poyera m'Chichewa, kenaka lozani anthu a pabwalo mmodzimmodzi, iye anene liwu loyenera aliyense.

Chimene Chingerezi sichingathe kunyamula

Tsono tiyeni tione mbali inayo. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha pamalo pa iwe ndi inu, ndipo ndi liwu lomwelo mwana aitana mnzake wosewera naye ndi agogo ake omwe. Chili ndi liwu limodzi la atsibweni, bambo aakulu ndi bambo aang'ono, ngakhale kuti pa mwambo wathu maudindo awo asiyana kutali. Mwana wotaya Chichewa sataya mawu okha ayi, ataya njira yodziwira malo ake pakati pa abale. Chifukwa chake mphasa ikapindidwa, agogo alandira nthawi yawo: nthano imodzi, zilapi ziwiri kapena zitatu, ndi mwambi umodzi pamodzi ndi tanthauzo lake. Mawa lake mwanayo abwereza nthanoyo kwa mng'ono wake. Banja limene chinenero chake ndi Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka lichite chomwecho m'chinenero chakecho.

Mudzadziwa bwanji kuti Chichewa cha mwana chayamba kufooka? Kusakaniza liwu la Chingerezi apa ndi apo si chizindikiro ayi, pakuti onse odziwa zinenero ziwiri atero. Zizindikiro zenizeni ndi izi: mwana wa zaka 7 kapena 8 anena iwe kwa akulu osazindikira, asokoneza kugwirizana kwa mawu, nanena kuti "nyumba langa" kapena "chingwe wanga", ayankha agogo ake ndi mutu wokha, ndipo sangathe kufotokoza nthano kufikira mathero. Mukaona zotere musam'kalipire kapena kum'seka. Mubwereze chiganizocho molondola monga ngati muli kuvomereza, kuti, "Eya, nyumba yako ndi yokongola," ndipo muchulukitse nthawi yake yokhala ndi agogo.

Mudzadziwanso bwanji kuti Chingerezi chake ndi chenicheni? Ana ambiri aloweza tsamba lonse ndi khutu m'kalasi, nalinena mosadodoma ngati ali kuwerenga. Kholo likondwera, koma ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Phimbani chithunzi ndi dzanja, lozani liwu limodzi pakati pa mzere, kenaka lina pamzere wa pamwamba. Pambuyo pake funsani m'Chichewa kuti, "M'nkhaniyi ndani wachita chiyani?" Mwana wa mlongo wanga analephera mayeso amenewa poyamba, ndipo bambo wake anadabwa kwambiri, pakuti anali kunyadira kuwerenga kwake.

Malire a ntchitoyi

Ndisakunamizeni, abale anga. Mphindi 15 za pa mphasa sizidzalowa m'malo mwa sukulu, ndipo Chingerezi cha m'mabuku chitenga zaka. Katswiri wina wa ku Kanada, Jim Cummins, anapeza kuti ana obwera kuchokera ku maiko ena, ngakhale azunguliridwa ndi Chingerezi tsiku lonse, atha kucheza nacho patapita zaka ngati ziwiri, koma afuna zaka 5 kufikira 7 kuti afanane ndi anzawo pa Chingerezi cha maphunziro. Mwana wa m'mudzi, amene achimva pang'ono pokha, musam'werengere miyezi. Ndipo musam'menye chifukwa cha kulakwa liwu, pakuti mwana wamantha atseka pakamwa, ndipo chinenero sichikula m'kamwa motseka. Koma ngati mwana achedwa m'zinenero zonse ziwiri, kapena sayankha mukamuitana ali chotembenuka, kapena m'khutu mwake mutuluka mafinya, vuto si Chingerezi ayi. Pitani naye kuchipatala akamuone makutu.

Ndinabwereranso kwa mlongo wanga itapita miyezi 6. Mwanayo anali asanakhale katswiri. Pa l ndi r anali kupunthwabe akafulumira, ndipo mawu a mwamuna ndi mkazi anali kuwasinthanitsa nthawi zina. Koma kalata ya Chichewa anaiwerenga yonse nafotokoza za m'menemo, ndipo nditaloza mawu m'buku la Chingerezi mosatsata mzere, anadziwa ambiri a iwo. Madzulo mphasa itapindidwa ndinamva agogo ali kuyamba nthano, ana navomera onse pamodzi, ndipo alamu anga anakhala chapatali ngati samvera, koma ndinaona milomo yawo ili kuvomera nawo.

Potsazikana anandiperekeza kufikira kumsewu, nati, "Alamu, ine ndinayesa kuti m'mutu mwa mwana muli malo a chinenero chimodzi chokha." Ndinawayankha kuti m'munda umodzi tibzala chimanga ndi nyemba, ndipo nyemba ziyanga pa phesi la chimanga, wozula chimanga kuti nyemba zipeze malo adzazipeza zili pansi.

Tsono inu makolo, madzulo ano yesani mwana wanu ndi mizere itatu ya Chichewa. Sankhani mphasa, tengani kapu, buku ndi belu, ndipo muyambe kuomba m'manja. Zikatha mphindi 15 pindani mphasayo, muitane agogo. Tsalani bwino, kufikira mwezi wa mawa.